Balansi Shiti Ikakana Kulingana: Momwe Mungapezere Pamene Ndalama Zasochera

Aliyense amene amatseka mabuku a bizinesi pakutha pa mwezi kapena pa chaka anakumanapo ndi nthawi imene wawonkhetsa mbali ya chuma pa balansi shiti, lipoti loonetsa zimene bizinesi ili nazo ndi kumene zachokera, wawonkhetsanso mbali ya ngongole ndi mpamba wa mwini, n'kupeza kuti manambala awiriwo akusiyana. Chuma chimene tikunena pano ndi zonse zimene bizinesi ili nazo, monga galimoto, mashelufu, sitoko, ndalama za ku banki, ndalama za m'kabati ndiponso ndalama zimene makasitomala okongola sanabweze. Ngongole ndi zimene bizinesi iyenera kulipira ena, pamene mpamba wa mwini ndi ndalama zimene mwiniwake anaika, kuphatikiza phindu limene lakhala likutsalira, kuchotsapo zimene iye watapa kukagwiritsa ntchito kunyumba. Mbali ziwirizi zimayenera kufanana mpaka pa tambala, chifukwa chochitika chilichonse chimalembedwa kawiri, kamodzi ku debiti, mbali ya kumanzere ya akaunti, ndi kamodzi ku kirediti, mbali ya kumanja, pa ndalama yofanana. Choncho kusiyana kukaoneka, sizitanthauza kuti bizinesi yataya ndalama kapena kuti wina waba, koma kuti penapake cholembedwa china chalowa mbali imodzi yokha, chalowa mbali yolakwika, chakopedwa molakwika kapena chasiyidwa powonkhetsa.

Anthu ambiri akaona kusiyanako amathamangira kutsegula mafayilo a malisiti n'kuyamba kuwerenga kuchokera mu Januwale, ndipo pofika madzulo amakhala atatopa osapeza kanthu. Ena, makamaka tsiku lopereka lipoti likayandikira, amangowonjezera nambala yosowayo ku mpamba wa mwini kuti mbali ziwirizo zigwirizane. Njira yachiwiriyi ndimaiona kuti ndi yoipa kuposa kupereka balansi shiti yosalingana, chifukwa cholakwikacho chimabisika, chimalowa m'manambala otsegulira chaka chotsatira, ndipo amene adzachifufuze pambuyo pake sadzakhalanso ndi poyambira. Nambala ya kusiyanako ndiye umboni woyamba umene muli nawo, ndipo iyenera kulembedwa pa pepala lapadera, pamodzi ndi mbali imene yakula, musanakhudze china chilichonse.

Ndifotokoza njira yofufuzira pogwiritsa ntchito mabuku a sitolo ina yogulitsa zipangizo zaulimi ndi zomangira, imene mabuku ake amalembedwa pamanja m'leja, buku lalikulu limene akaunti iliyonse ili ndi tsamba lake, koma malipoti a pakutha pa chaka amakonzedwa mu Excel. Balansi shiti yoyamba ya pa 31 Disembala inaonetsa galimoto ya K7,200,000 titachotsa kutsika mtengo kwake, mashelufu ndi zipangizo za K1,350,000, sitoko ya K8,640,000, makasitomala okongola a K2,465,000, ndalama za ku banki K3,420,000 ndi za m'kabati K265,000, zonse pamodzi K23,340,000. Mbali inayo inali ndi ngongole kwa otigulitsa katundu ya K4,680,000, ngongole ya ku banki ya K5,000,000, bilu ya magetsi yosalipira ya K190,000 ndi mpamba wa mwini wa K13,000,000, ndipo pansi pake panalembedwa K22,680,000. Mbali ya chuma inakula ndi K660,000.

Mayeso oyamba ndi atatu ndipo satenga nthawi. Choyamba ndi kufunafuna nambala yeniyeniyo m'mabuku, chifukwa ngati cholembedwa chinalowa mbali imodzi yokha kapena akaunti ina inaiwalika, kusiyanako kumafanana ndendende ndi ndalama yake. Chachiwiri ndi kugawa kusiyanako ndi 2, chifukwa ndalama ikalembedwa ku debiti m'malo mwa ku kirediti, mbali imodzi imakwera ndi ndalamayo pamene inayo imaperewera ndi ndalama yomweyo, motero kusiyana kumakhala kuwirikiza kawiri. Chachitatu ndi kugawa ndi 9. Manambala awiri oyandikana akasinthana malo, monga kulemba 63 m'malo mwa 36, kusiyanako kumagawika ndi 9 popanda chotsala nthawi zonse, ndipo zimakhalanso choncho ziro akasowa kapena akawonjezeka, monga kulemba K54,000 m'malo mwa K540,000, pamene kusiyana kumakhala K486,000 ndipo mukagawa ndi 9 mumapeza K54,000, nambala yolakwika yomwe ija.

Pa mabuku a sitoloyi mayeso onse atatu anakanika. Munalibe cholembedwa cha K660,000, munalibenso cha K330,000, ndipo K660,000 sigawika ndi 9. Zikatero musaganize kuti mayesowo ndi opanda ntchito. Kawirikawiri tanthauzo lake ndi lakuti zolakwika zilipo zingapo ndipo zaunjikana mu nambala imodzi, choncho ntchito yotsatira ndi kuzilekanitsa kuti yeso lililonse ligwere pa cholakwika chimodzi.

Kuti zilekane, muyenera kukumbukira njira imene manambala amayenda. Amachokera pa malisiti ndi mainvoyisi kulowa m'mabuku a tsiku ndi tsiku, kuchokera m'menemo amapita ku leja, zotsala za akaunti iliyonse ya m'leja zimandandalikidwa pa tirayo balansi, kenako pamabwera zosintha za pakutha pa chaka monga sitoko yotsala, kutsika mtengo kwa katundu ndi mabilu osalipira, ndipo pomaliza manambalawo amagawidwa kupita ku lipoti la phindu ndi ku balansi shiti. Tirayo balansi ili pakati pa ulendowu, ndiye chifukwa chake ndi malo abwino odulira vutolo pawiri. Ngati iyo ikulingana koma balansi shiti sikulingana, musatsegule n'komwe mafayilo a malisiti, chifukwa cholakwikacho chachitika pambuyo pake. Ngati iyo ikusiyana ndi ndalama yofanana ndi ya pa balansi shiti, vuto lonse lili m'leja. Pa sitolo yathuyi, tirayo balansi inali ndi madebiti oposa makirediti ndi K290,000, kutanthauza kuti pa K660,000 ija, K290,000 inabadwira m'leja ndipo K370,000 yotsalayo inabadwira pokonza malipoti.

Ndimayamba ndi gawo la malipoti chifukwa lili ndi mizere yochepa ndipo limafufuzika msanga. Chinthu choyamba ndi kuwonkhetsanso mbali iliyonse ndi kakyuleta, osakhulupirira nambala imene kompyuta yaika pansi. Mbali ya chuma inatulukadi K23,340,000, koma mbali inayo powonkhetsa pamanja inatuluka K22,870,000 osati K22,680,000. Kusiyana kwa K190,000 kunali bilu ya magetsi ija, imene inkaoneka bwinobwino pa pepala koma sinalowe mu chiwonkhetso. Wokonza lipotiyo anaiwonjezera pomaliza, pa mzere watsopano pansi penipeni pa ngongole, ndipo fomula yowonkhetsa ngongole inatsala momwe inalili:

```
=SUM(C16:C17)
```

pamene bilu ya magetsi inali pa `C18`. Vuto limeneli limabwera kawirikawiri mzere ukalowetsedwa kumapeto kapena kumayambiriro kwa ndandanda, chifukwa fomula simadzikulitsa yokha nthawi zonse monga imachitira mzere ukalowa pakati. Lofanana nalo ndi nambala imene Excel ikuiona ngati mawu, zimene zimachitika manambala akakopedwa kuchokera pa sitetimenti ya ku banki kapena wina akalemba chilembo cha K patsogolo pa nambala. `SUM` imangodumpha selo yoteroyo osadandaula. Nthawi zambiri nambala yotere imatsamira kumanzere kwa selo pamene zinzake zili kumanja, ndipo mungatsimikize polemba `=ISTEXT(C18)`, imene imayankha `TRUE` ngati ndi mawu. Muonenso mizere yobisika, poti `SUM` imaiwerengera ngakhale kuti inu simukuiona pa pepala losindikiza.

Titachotsa K190,000 pa K370,000 panatsala K180,000, ndipo apa mayeso aja anayamba kugwira ntchito. Nambalayi ikagawidwa ndi 2 imapereka K90,000, koma panalibe mzere wa ndalama imeneyo pa tirayo balansi kapena pa zosintha za pakutha pa chaka. Ikagawidwa ndi 9 imapereka 20,000 popanda chotsala, ndipo yankho limeneli limanena zambiri kuposa kungoti manambala asinthana. Nambala 2 ikusonyeza kuti manambala awiri osinthanawo amasiyana ndi 2, monga 8 ndi 6, 7 ndi 5 kapena 3 ndi 1, pamene maziro anayi akusonyeza kuti kusinthanako kwachitika pa malo achisanu ndi achisanu ndi chimodzi kuwerenga kuchokera kumanja. Ndi mfundo imeneyo sipanafunikenso kuyang'ana mzere uliwonse. Popeza mbali ya ngongole ndi imene inachepa, ndinafuna nambala ya mbali imeneyo yokhala ndi manambala awiri otere pa malo amenewo, nambala yaing'ono ili patsogolo, ndipo K4,680,000 ya otigulitsa katundu inaonekera nthawi yomweyo. Pa tirayo balansi panalembedwa K4,860,000. Ndikuchenjezeni komabe kuti kugawika ndi 9 si chitsimikizo, chifukwa nambala imodzi mwa zisanu ndi zinayi zilizonse imagawika ndi 9 mwangozi, choncho yesoli limangokuuzani koyamba kuyang'ana.

Pa sitoloyi zolakwika za gawo la malipoti zinali ziwiri zokhazo, koma pali zina zimene zimabwera mobwerezabwereza pa gawo lomweli ndipo ndi bwino kuzidziwa ndi maonekedwe ake. Chosintha chilichonse cha pakutha pa chaka chimayenera kuoneka malo awiri, ndipo pano ndi pamene ambiri amapunthwa. Sitoko yotsala imachotsedwa pa mtengo wa katundu wogulitsidwa mu lipoti la phindu ndipo nambala yomweyo imalowa pa chuma, motero wina akakonza nambala ya sitoko malo amodzi atawerenganso matumba a simenti, n'kuiwala malo enawo, kusiyana kumafanana ndi kukonzako. Galimoto ya sitoloyi inagulidwa K12,000,000 ndipo imatsitsidwa mtengo ndi K2,400,000 pa chaka, kotero kuti ngati ndalama imeneyi ikanachotsedwa pa phindu koma osachotsedwa pa mtengo wa galimoto, chuma chikanakula ndi K2,400,000 ndendende. Ndalama zimene mwini watapa zimachotsedwa pa mpamba, ndipo wina akaziwonjezera m'malo mochotsa, kusiyana kumawirikiza kawiri, monganso zimachitikira akaunti ya ku banki ikakhala kuti yatapidwa mopitirira zimene zinalimo koma n'kuikidwa pa chuma m'malo mwa pa ngongole.

Mpamba wa mwini uyenera kuyesedwa paokha nthawi zonse, ngakhale pamene simukuukayikira. Mumatenga mpamba wotsekera chaka chatha kuchokera pa balansi shiti yomaliza imene inasainidwa, osati pa fayilo iliyonse imene mwaipeza m'kompyuta, n'kuwonjezera phindu la chaka chino, n'kuchotsa zimene mwini watapa. Pa sitoloyi zinali K10,400,000 kuwonjezera K4,400,000 kuchotsa K1,800,000, zimene zinapereka K13,000,000 monga zinalembedwera. Ndimaumirira pa balansi shiti yosainidwa chifukwa owerengera mabuku ochokera kunja akasintha manambala ena chaka chatha, nthawi zambiri zosinthazo zimathera pa lipoti lawo osabwerera m'leja, ndipo chaka chatsopano chimatsegulidwa ndi manambala akale. Kusiyana kochokera pamenepa simungakupeze ngakhale mutawerenga lisiti lililonse la chaka chino, poti kunalipo kale pa 1 Januwale.

Tsopano panatsala K290,000 ya m'leja, imene inali yovutirapo chifukwa leja ili ndi zolembedwa za chaka chonse. Nambalayi sigawika ndi 9, koma theka lake ndi K145,000, ndipo popeza madebiti ndi amene anakula, ndinayembekezera ndalama ya K145,000 imene inayenera kupita ku kirediti koma inapita ku debiti. Funso linali lakuti ili mu akaunti iti ndiponso mwezi uti. Mwamwayi mlembi wa sitoloyo ankakonza tirayo balansi mwezi ndi mwezi, ngakhale kuti kuyambira pamene inayamba kusiyana ankangoiika m'fayilo osauza aliyense. Ya Seputembala inkalingana, ya Okutobala inkasiyana ndi K290,000, ndipo ya Novembala ndi ya Disembala zinkasiyana ndi ndalama yomweyo. Zimenezi zinachepetsa ntchito kuchoka pa miyezi 12 kufika pa mwezi umodzi. Kumene kulibe matirayo balansi a mwezi ndi mwezi, mungawonkhetse madebiti ndi makirediti onse mpaka pa 30 Juni kuti muone ngati kusiyanako kunalipo kale, kenako n'kudulanso pakati theka limene lili ndi vuto, ndipo mukadula kanayi mumakhala mutafika pa mwezi umodzi.

Kuti ndidziwe akaunti, ndinayesa makasitomala okongola ndi manambala ochokera kunja kwa leja yawo. Chaka chinatsegulidwa ali ndi ngongole ya K1,600,000, buku la zogulitsa pangongole linaonetsa K9,300,000, ndipo buku la ndalama linaonetsa kuti analipira K8,725,000, kotero kuti anayenera kutsala ndi K2,175,000. Leja inkanena K2,465,000, kupitirira ndi K290,000 yomwe ija. Kuyang'ana masamba a makasitomala a mwezi wa Okutobala kunatenga mphindi zochepa. Kasitomala wina womanga nyumba analipira K145,000 pa ngongole yake ya malata, ndalamayo inalowa bwino ku debiti m'buku la ndalama, koma pa tsamba lake inalembedwanso ku debiti ngati kuti watenga katundu wina. Pa pepala lenilenilo zinkaoneka chifukwa chake, poti tsambalo linali litadzaza, mlembi anatsegula latsopano n'kujambula mizere ndi rula, ndipo sanalembe mitu ya mizati pamwamba. Kasitomalayo akanatumiziridwa sitetimenti akanadandaula kalekale kuti akumulipiritsa zimene sanatenge, koma sitoloyo sinkatumiza masitetimenti.

Pokonza, zolakwika zitatuzi sizitengedwa mofanana. Fomula ya `SUM` ndi nambala yosinthana ya otigulitsa katundu zimangokonzedwa pa lipotilo, popanda kulemba kanthu m'leja, chifukwa leja inali yolondola pa zinthu zimenezo. Cholakwika cha kasitomala chimafuna kulembedwa, ndipo ndalama yolemba ndi K290,000 osati K145,000, chifukwa theka loyamba likufafaniza debiti yolakwika pamene theka lachiwiri likuika kirediti imene inasowa. Ngati kusiyanako kunasungidwa kaye mu akaunti ya sasipensi, imene apa ikanakhala ndi K290,000 ku kirediti, mumalemba debiti ya K290,000 ku sasipensi ndi kirediti ya K290,000 kwa kasitomalayo, ndipo sasipensi imatsala pa ziro. Akauntiyi ndi yololedwa ngati malo osungira vuto pamene mukufufuza, koma siyenera kuoneka pa balansi shiti yomaliza. Musafute kapena kupaka cholembedwa chakalecho, chifukwa wodzayendera mabuku ayenera kuona cholakwikacho ndi kukonza kwake, tsiku lake ndi chifukwa chake. Zonse zitakonzedwa, chuma chinatsika kufika pa K23,050,000, ngongole zinakwera kufika pa K10,050,000, ndipo pamodzi ndi mpamba wa K13,000,000 mbali ziwirizo zinakumana.

Amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owerengera chuma angadabwe kuti vutoli lingawafikire bwanji, poti mapulogalamu ambiri salola kusunga cholembedwa chimene debiti ndi kirediti zake sizikulingana. Limawafikira pamene manambala atulutsidwa kupita ku Excel kuti akonzedwe mu maonekedwe amene abwana kapena banki ikufuna. Akaunti yatsopano imene inatsegulidwa pakati pa chaka, mwachitsanzo ya ndalama zolandirira pa foni, imakhala ilibe mzere pa lipoti lakale ndipo imatsala kunja, kapena lipoti la phindu limatulutsidwa pa masiku osiyana ndi a balansi shiti. Njira yachidule yoyesera ndi kuwerenga maakaunti a pa tirayo balansi n'kuika chizindikiro pa iliyonse imene mwaipeza pa malipoti, mpaka itaoneka imene ilibe chizindikiro kapena ili ndi ziwiri. Ndi bwinonso kuika selo yoyesera pansi pa balansi shiti, imene imachotsa mbali ina pa inzake:

```
=ROUND(C13-C25,2)
```

Selo imeneyi iyenera kuonetsa ziro, ndipo `ROUND` imathandiza kuti tizidutswa tating'onoting'ono timene kompyuta imasiya powerengera tisaoneke ngati vuto. Lipoti likalembedwa m'masauzande, kusiyana kwa 1 kapena 2 pa chiwonkhetso kumatha kubwera chifukwa cha kufupikitsa manambala, ndipo kumeneko mumatsimikiza pobwerera ku manambala athunthu. Koma kusiyana kwakung'ono pa manambala athunthu sikuyenera kunyozedwa, chifukwa K5,000 ikhoza kukhala zotsala za cholakwika cha K800,000 mbali imodzi ndi cha K795,000 mbali inayo.

Pali malire amodzi amene ayenera kunenedwa momveka. Kulingana kwa balansi shiti kumangotsimikiza kuti madebiti ndi makirediti ndi ofanana, osati kuti manambalawo ndi oona. Invoyisi imene sinalembedwe konse, ndalama yolembedwa pa tsamba la kasitomala wolakwika, shelufu yatsopano yolembedwa ngati zokonzetsa, kapena lisiti la K72,000 lolembedwa K27,000 mbali zonse ziwiri, zonsezi zimadutsa osasokoneza kulinganako. Chimodzimodzi pobweza ngongole ya ku banki, ngati ndalama yonse yachotsedwa pa ngongole popanda kupatula chiwongoladzanja, balansi shiti imalingana koma ngongole imaoneka yochepa ndipo phindu limaoneka lalikulu. Zolakwika zotere zimagwidwa poyerekeza mzere uliwonse ndi umboni wochokera kunja kwa mabuku, kutanthauza sitetimenti ya ku banki pa K3,420,000, kuwerenga ndalama za m'kabati pa K265,000, mapepala owerengera sitoko pa K8,640,000, masitetimenti a otigulitsa katundu pa K4,860,000 ndi kalata ya banki yosonyeza zotsala pa ngongole ya K5,000,000. Pa sitoloyi ntchito imeneyo inachitika m'mawa mwake, kuyambira ndi sitetimenti ya ku banki ya Disembala ndi macheke amene anali asanatapidwe pofika pa 31.